Kusowa kontirakiti sikupatsa bwana mphamvu yothamangitsa munthu ngati nkhuku

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi abale athu amene akugwira ntchito kuno ku Joni, m'nyumba za anthu, m'magaladeni ndi m'mashopu a ku Mayfair ndi Fordsburg. Ambiri analembedwa ntchito pakamwa, ndipo akangofunsa za malipiro amauzidwa kuti, "Pageti pali anzako ambiri, mawa usabwere." Mawu amenewa amaopsa chifukwa anthu amakhulupirira kuti popanda pepala palibe mlandu. Si zoona.

M'dziko lino pangano la pakamwa ndi kontirakiti ndithu. Gawo 29 la lamulo la 1997 lokhudza kagwiridwe ka ntchito limalamula bwana kupereka mfundo za ntchito zolembedwa kwa aliyense wogwira maola 24 kapena kuposa pamwezi. Ngati pepalalo palibe, wolakwa ndi bwana. Koma tisanamizane, amene amavutika nako kusowa kwa pepala ndi wantchito. Ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, iyeyo ndiye amayamba kusonyeza kuti anachotsedwa, kenako bwana asonyeze kuti anali ndi chifukwa chomveka ndipo anamumva kaye munthuyo. Bwana akangoti "uyu sindimudziwa" kapena "anachoka yekha", wopanda umboni amathera pomwepo.

N'chifukwa chake umboni uyenera kusonkhanitsidwa ntchito ikadalipo. Kabuku kakang'ono ka m'thumba n'kokwanira: tsiku loyamba ntchito, nthawi yolowa ndi yoweruka, ndalama zimene mwalandira ndi tsiku lake. Mauthenga a pa WhatsApp onena kuti "bwerani Loweruka" musafufute, muwatumizenso ku foni ina, chifukwa mafoni amabedwa. Lembani dzina lenileni la bwana ndi adiresi yake. Anthu ambiri amafika kokadandaula akungodziwa kuti "Madamu", ndipo fomu siingalembedwe choncho.

Tiyerekeze mayi wogwira ntchito ya m'nyumba zaka ziwiri ndi miyezi itatu, wolandira R6,500 pamwezi, amene wauzidwa pa 3 Malichi kuti alongedze. Lamulo limawerenga mwezi ngati masabata anayi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sabata, ndiye pasabata amalandira R1,500. Wantchito wa m'nyumba akapitirira miyezi 6 ayenera kupatsidwa notisi ya masabata anayi, kapena ndalama zake, zomwe pano ndi R6,000. (Wa m'shopu amafika pa masabata anayi akakwanitsa chaka.) Ngati bwana akuti ndalama zolipirira zamuthera, awonjezere malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu, R3,000, komanso masiku a tchuthi omwe mayiyo sanapume. Notisi imagwa ngati pali mlandu waukulu monga kuba, komabe munthu ayenera kumvedwa kaye.

Tsiku lomwelo mayiyu atumize uthenga waulemu: "Bwana, mwandiuza lero kuti ntchito yatha. Chonde tsimikizani ndipo mundiuze chifukwa." Yankho lililonse ndi umboni. Bwana akakhala chete, mayiyo abwere m'mawa mwake pageti ndi mboni, kuti pasadzamveke zoti anathawa ntchito. Asasayine pepala lomwe sanalimvetse. Nthawi zambiri limakhala lonena kuti wasiya yekha kapena kuti walandira zake zonse, ndipo likasayinidwa mlandu umavuta kwambiri kwa wantchito.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi nthawi. Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika ku CCMA pasanathe masiku 30, kuwerenga ndi Loweruka ndi Lamulungu lomwe, ndiye kwa mayiyu malire ndi pa 2 Epulo. Amalemba fomu ya LRA 7.11, kope lina amapereka kwa bwana, n'kusunga umboni woti walipereka. Salipira kanthu. Abwana ena amaudziwa bwino malire amenewa, ndiye amangoti "dikirani, tikuyimbirani mwezi ukatha". Wodikira amayenera kupempha kuti amukhululukire kuchedwa, ndipo pempholo likhoza kukanidwa.

Nanga wopanda pemiti? Mu 2008 Khoti la Zantchito linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chinatha akadali wantchito pamaso pa lamulo, ndipo CCMA ikhoza kumva dandaulo lake. Chigamulochi sichipatsa munthu pemiti, ndipo kubwezeredwa pantchito n'kovuta kwa iye. Chimene angayembekezere ndi chipukuta misozi, chomwe pa mlandu wamba sichiposa malipiro a miyezi 12 ndipo kawirikawiri chimakhala chochepera apo. Amene mapepala ake sali bwino ayambe waonana ndi ofesi yopereka uphungu wa zamalamulo mwaulere, koma achite zimenezi m'sabata yoyamba yomweyo, masiku 30 aja akuwerengedwa kale.

Ife owerenga anu,
Johannesburg