Lipoti la maphunziro a kalembedwe ka pulani ya bizinesi omwe anachitikira pa Boma la Mchinji

A Tcheya, a Mlembi, a Msungichuma, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu, ndabwerako ku maphunziro omwe munandituma pa Boma. Zinaphunzitsidwa zambiri, koma lipoti ili ndaliika pa gawo limodzi, lomwe lakhudza pulani yathu yogula makina oswera mtedza kuposa ena onse. Ndi gawo loyambirira la pulani, pamene munthu amafotokoza vuto lomwe makasitomala ake ali nalo asanatchule chomwe akufuna kuwagulitsa.

Aphunzitsi anauza aliyense kuti awerenge mokweza zomwe gulu lake linalemba pa gawoli. Ine ndinawerenga zathu monga tinazilembera: "Alimi a mtedza a kwathu kuno alibe makina oswera mtedza, choncho gulu lathu likufuna ngongole yogulira makinawo." Anandifunsa ngati pali mlimi amene anabwera kwa ife n'kudandaula kuti alibe makina. Kenaka anatiuza tonse kuti titenge cholembera, tifufute mawu aliwonse otchula chinthu chomwe tikufuna kugulitsa, tione chotsala. Pa chiganizo chathu panangotsala "alimi a mtedza a kwathu kuno". Vuto panalibe. Tinali titalemba chomwe tikufuna ifeyo, n'kuikapo mawu oti "alibe" kutsogolo kwake. Magulu ena ambiri zinawatheranso chimodzimodzi: ena analemba kuti kwawo kulibe chigayo, ena kuti kulibe shopu ya mankhwala a ziweto. Kusowa kwa chinthu pamalo sikutsimikizira kuti anthu achilipira chikabwera. Mwina akuthana nazo bwinobwino mwa njira ina.

Anatiphunzitsa kuti vuto lolembedwa bwino limanena anthu ake enieni amene likuwakhudza, chomwe chimawachitikira ndi nyengo yake, zomwe akuchita panopa pofuna kuthana nalo, ndi zomwe akutaya. Pa zonsezi anakhalitsa kwambiri pa zomwe anthu akuchita kale, ndipo ine ndikuona kuti mpamene pagona nkhani yathu. Munthu amene vuto likumupweteka sakhala manja lende kudikira gulu lathu. Amakhala atayesapo kena kake, atalipirapo ndalama, kapena atataya nthawi yake. Zimenezo ndiye umboni womwe wobwereketsa ndalama amaukhulupirira.

Titakambirana m'magulu, ndinayamba kutchula zomwe tonsefe timaziona chaka ndi chaka kuyambira mu Meyi mtedza ukauma. Mlimi amene wakolola wambiri amalemba aganyu oswa, kuwalipira pa ndowa. Ena amawaza madzi pa mtedza wa makoko madzulo kuti m'mawa makoko afewe, zala zisatupe. Tikudziwa zomwe alangizi amatiuza pa khalidwe limeneli: mtedza wonyowetsedwa ukaikidwa m'thumba usanaumenso umachita chuku, ndipo chuku chimenechi chimabweretsa poizoni amene amachititsa ogula akuluakulu kukana mtedza kapena kuutsitsa giredi. Enanso amangogulitsa wa makoko kwa mavenda pa mtengo wotsika. Aphunzitsi anati zinthu zitatuzi, ganyu, madzi ndi kugulitsa wa makoko, n'zimene zinayenera kukhala pa tsamba loyamba la pulani yathu. Mayi amene amawaza madzi akudziwa kuti akuika mtedza wake pachiswe akutionetsa kuti kuswa ndi manja kwamukwana, ngakhale asananene ndi pakamwa.

Koma kudziwa zimenezi m'mutu sikukwanira, pafunika kukafunsa eni ake ndi kulemba. Apa mpofunika mumvetsetse, chifukwa ntchito yofunsayi tidzaigwira tonse. Tisakafunse kuti, "Titabweretsa makina oswera mtedza, mungamabwere?" Kwathu kuno munthu sakukanira pamaso, makamaka ukakhala mnansi wake kapena wa mpingo umodzi. Adzati, "Eee, mwatiganizira bwino," ndipo tidzabwera ndi mayina odzaza kope opanda ndi mmodzi yemwe wodzalipira. Tikafunse za chaka chatha, zomwe zinachitika kale. Munakolola matumba angati a makoko? Anaswa ndani, ndipo zinatenga masabata angati? Ngati munalemba aganyu, munalipira zingati pa ndowa, ndipo ndalamayo munaipeza kuti? Munagulitsa mwezi uti, kwa yani, woswa kapena wa makoko? Pa sikelo anakubwezeraniko kapena kukudulani mtengo? Mafunso otere munthu amayankha zomwe akukumbukira, ndipo mpata wotisangalatsa umachepa. Za makina tisazitchule mpaka pomaliza, ngati n'kotheka tisazitchule n'komwe.

Anatichenjezanso za amene tikawafunse ndi malo ake. M'makomo ambiri oswa mtedza ndi amayi ndi ana, pamene wopita nawo ku sikelo ndi bambo. Mukafunsa bambo yekha za kuswa adzati si vuto, pakuti zala zotupazo si zake. Mukafunsa mayi yekha za mtengo, mwina sanaone ndalama zomwe zinadulidwa. Tikalankhule ndi onse, aliyense payekha. Tisakafunsire pa msonkhano wa a mfumu, chifukwa woyamba akangoyankha ena onse amatsata pomwepo. Abale athu ndi mamembala a gulu lino asakhale m'gulu la ofunsidwa. Aphunzitsi anati anthu pakati pa 15 ndi 20 ndi poyambira pabwino, bola asakhale a mudzi umodzi, ndipo tikamva mayankho akungobwerezabwereza ndiye kuti chithunzi chayamba kuoneka.

Gawo la zomwe mlimi akutaya limafuna masamu pang'ono. Manambala omwe ndikuike apa ndi ongoyerekezera kuti muone kawerengedwe kake, enieni tidzawatenga kwa alimi. Tiyerekeze kuti mlimi wakolola matumba 30 a makoko, thumba lililonse lolowa ndowa 4. Zonse ndi ndowa 120. Ngati waganyu amatenga K500 pa ndowa, mlimiyu walipira K60,000 pa kuswa kokha. Nambala imeneyi ikutiuza zinthu ziwiri. Ikusonyeza kuti munthuyu amalipira kale ntchitoyi, ndiye kuti sitikumuphunzitsa chachilendo. Ikutiuzanso denga la mtengo wathu, chifukwa tikadzamulipiritsa kuposa pamenepa, kuphatikizapo ya ngolo yobweretsera matumba pa makina, adzabwerera kwa aganyu ake.

Kwa amene amagulitsa wa makoko masamu ake ndi ena. Mtedza ukaswedwa, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake ndiwo amatsala, enawo ndi makoko. Makilogalamu 30 a makoko amatulutsa pafupifupi makilogalamu 20 a woswa. Ndiye tisayerekeze mtengo wa kilogalamu ya makoko ndi wa kilogalamu ya woswa mwachindunji, tikatero tidzakulitsa vuto kuposa mmene lilili, ndipo wowerenga wodziwa mtedza adzatigwira pomwepo. Tiwerenge zomwe mlimi akanapeza pa makilogalamu 20 a woswa, tichotsepo mtengo woswera, kenaka tiyerekeze ndi zomwe venda anamupatsa pa makilogalamu 30 a makoko. Kusiyana kotsalako ndiko kutaya kwenikweni.

Pali chinthu china chomwe chinandiganizitsa kwambiri, ndipo ndikupempha kuti tisachithawe. Si aliyense wogulitsa wa makoko amene vuto lake ndi kuswa. Ambiri amagulitsa chifukwa akufuna ndalama tsiku lomwelo: fizi ya mwana, ngongole ya ku banki m'khonde, matenda pakhomo. Munthu wotere ngakhale makina atakhala pa khonde pake, alibe yolipirira. Vuto lake ndi ndalama ya msanga, ndipo makina athu sangalithetse. Chimodzimodzi amene amalima kamunda kakang'ono, matumba awiri kapena atatu: amaswa madzulo ndi ana akucheza, salipira kanthu, ndipo sadandaula. Palinso osunga mbewu, amene amaopa makina chifukwa amaswa ndi kusupula njere zina, makamaka mtedza wa maso akuluakulu ngati Chalimbana sefa ya makinawo ikakhala yosayenera. Tikalemba kuti "alimi onse a mtedza", tawerengera anthu onsewa ngati makasitomala pamene si makasitomala. Ndi bwino kulemba gulu lochepa lomwe tikulidziwa bwino kusiyana ndi khamu lomwe sitingaliikire umboni.

Tisanaweruke ndinalembanso gawo lathu, n'kusiya mipata ya manambala. Likumveka chonchi: "Alimi a m'midzi yozungulira msika wathu amene amakolola matumba a makoko oposa (chakuti) amaswa mtedza ndi manja kuyambira mu Meyi, ndipo ntchitoyi imawatengera masabata (akuti). Mwa alimi (akuti) amene tinacheza nawo, (akuti) analipira aganyu K(zakuti) pa ndowa chaka chatha, (akuti) anawaza madzi pa makoko kuti afewe, ndipo (akuti) anadulidwa mtengo kapena kubwezedwa pa sikelo chifukwa cha chinyezi ndi chuku." Muona kuti mawu oti makina mulibemo. Adzabwera pa gawo lachiwiri, wowerenga atayamba kale kudzifunsa yekha kuti nanga anthuwa angathandizidwe bwanji. Mawu onga "alimi akuvutika kwambiri" kapena "umphawi wakula" ndawachotsa, chifukwa angalembedwe pa pulani ina iliyonse ndipo palibe angawayeze.

Funso la madzi ndi lovuta, pakuti anthu amadziwa kuti alangizi amaletsa, ndiye ambiri adzakana. Njira yake ndi kufunsa kuti makoko akauma kwambiri amatani kuti zala zipirire, osaonetsa nkhope yodzudzula. Ndipo pa kope tilembe mawu awo monga anenera, mayina ayi.

Umboni wolemera kuposa onse, malinga ndi aphunzitsi, ndi pamene munthu waika kanthu kake. Anatilangiza kuti tisanatenge ngongole tibwereke makina a pamanja kwa sabata imodzi kapena ziwiri m'nyengo yoswa, tiike mtengo weniweni, tione obwera ndi matumba awo, obweranso kachiwiri, ndi odandaula za wosweka. Kuyesaku kukhale kolipiritsa. Zaulere aliyense amabwera, ndipo sitiphunzirapo kanthu. Ngati obwera atakhala ochepa, a Msungichuma, tidzakhala titataya ya kubwereka yokha, osati masheya a mamembala ndi chikole.

Pempho langa kwa komiti ndi lakuti kalata yopempha ngongole iyambe yaima mpaka mipata ija itadzazidwa. Pa msonkhano ukubwerawu tisankhe anthu anayi ofunsa, amayi awiri ndi abambo awiri, tigawane midzi, wina asakafunse kumudzi kwawo. A Mlembi, ndikupatsani mafunso onse olembedwa bwino kuti mukopere m'makope a ofunsawo, ndipo malisiti a ulendo ndapereka kale kwa a Msungichuma. Amene akudziwa munthu kapena kalabu yomwe ili ndi makina a pamanja cha ku Kamwendo kapena ku Mkanda abwere ndi mtengo wobwerekera tsiku la msonkhanolo.

Ine nthumwi yanu.