Ndilembe bwanji ndime yoti bwana akhulupirire kuti ntchito siyiima ndikachokapo?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe kuno. Ndakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi anga, omwe amakhala kumudzi ku Ntcheu, akukachitidwa opaleshoni ya ng'ala m'diso mwezi wa mawa, ndipo mwa ana awo amene angathe kukawadikirira ndine ndekha. Ndapempha tchuthi kuyambira Lolemba pa 6 Okutobala kuti ndidzabwerere Lolemba pa 20. Masiku ogwira ntchito ndi 9 okha chifukwa pa 15 ndi holide ya Tsiku la Anakubala. Ife ogwira masiku asanu pasabata lamulo limatipatsa masiku 15 pachaka, ndipo chaka chino sindinatengeko ngakhale limodzi.

Bwana sanakane. Fomu ya tchuthi kwathu ili ndi malo olembapo momwe ntchito idzayendere munthu ukachokapo, ndipo iwo akuti sasayina mpaka ndime imeneyo itawagwira mtima. Ndalemba kawiri, kawiri konse yabwerera. Ndiye ndati ndikulembereni.

Ulendo woyamba ndinangolemba kuti ntchito zanga zonse adzagwira mnzanga wa muofesi mwathu, ndamufotokozera zonse, ndipo pakakhala vuto ndikupezeka pafoni. Bwana anawerenga ataimirira, kenako anaika chala pa mawu oti "zonse" n'kundifunsa kuti, "Mayi, zonse zake ziti? Pa 14 PAYE alipira ndani?" Ndinayankha kuti mnzangayo. Anafunsanso ngati mnzangayo amatha kulowa mu Msonkho Online, njira ya pa intaneti ya bungwe lotolera misonkho la MRA, komanso ngati kubanki amamudziwa. Apa ndinasowa choyankha, chifukwa zoona zake n'zoti nambala yotsimikizira ija yomwe banki imatumiza munthu ukamalowetsa malipiro imabwera pafoni yanga.

Sindikuwaona kulakwa bwanawo. Chaka chatha ndinapita kumaliro a malume masiku atatu, ndipo tsiku la 14 linandipeza ndili komweko. Mnzanga amene ndinamusiyira anali ndi mapepala onse, ndalama kubanki zinalipo, koma nambala ija inkabwera pafoni yanga pomwe kumudziko netiweki imagwira pokhapokha utakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Msonkho unalipiridwa mochedwa ndipo kampani inapatsidwa chindapusa. Palibe anandikalipira, koma kuyambira pamenepo mawu oti "ndikupezeka pafoni" bwana sawawerengeranso.

Ulendo wachiwiri ndinapitirira nazo muyeso. Ndinalemba masamba awiri n'kuwamata pafomu: momwe timawerengera ndalama za pakaunta madzulo, malo omwe kiyi wa kabati amakhala, makasitomala omwe amachedwa kulipira ngongole, ngakhale nambala ya munthu wokonza makina a malisiti. Bwana anati zimenezo n'zabwino koma n'za amene akutsalayo, osati zawo. Iwo akufuna ndime imodzi yoti akawerenga adziwe zimene zingawonongeke ndili kulibe, komanso amene aziyang'anira kuti zisawonongeke. Ndinatuluka muofesi mwawo nditamva chinthu chomwe poyamba sindinkachiona, kuti kalata yosiyira mnzako ntchito ndi ina, ndime yopita kwa bwana ndi inanso. Yoyambayo imaphunzitsa kagwiridwe ka ntchito, pomwe inayo ndi yochotsa mantha a munthu amene adzayankhe mlandu zinthu zikalakwika.

Choncho ndinakhala pansi ndi kalendala n'kuyamba kuona zimene zili ndi tsiku lake lenileni m'masabata awiriwo. Ndinapeza kuti si zambiri ayi. Msonkho wa PAYE wa malipiro a Seputembala ndi msonkho umene timadula kwa otigulitsa katundu ziyenera kufika ku MRA pofika pa 14. Ndalama za penshoni, 10 peresenti ya kampani ndi 5 peresenti ya wantchito, nazonso zimayenera kupita pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Otigulitsa simenti ndi malata timawalipira Lachisanu lililonse, ndiye pali pa 10 ndi pa 17. Kupatula apo pali ntchito ya tsiku ndi tsiku yofananiza ndalama za pakaunta ndi zimene zapita kubanki. VAT ndi ya pa 25, ine n'kuti nditabwerako, ndipo malipiro a antchito ndi akumapeto kwa mwezi.

Wina angafunse kuti bwanji osangolipiratu misonkhoyo ndisanachoke. Ndinaganizako, koma kumayambiriro kwa mwezi akaunti imakhala yopepuka chifukwa malipiro a antchito amakhala atangotuluka, ndipo bwana safuna kuti ndalama za msonkho zichoke sabata yachiwiri isanafike. Zimene ndingathe kuchitiratu ndi kuwerengera ndi kukonza mafomu, kulipirako ayi.

Nayi ndime yachitatu yomwe ndalemba. Kuofesi timalemba m'Chingerezi, koma ndaiika m'Chichewa ndipo mayina a anthu ndawachotsa:

"Ndidzachokapo kuyambira pa 6 mpaka pa 17 Okutobala ndipo ndidzayamba ntchito pa 20. Pofika Lachisanu pa 3 ndidzakhala nditawerengera PAYE, msonkho wodula kwa otigulitsa katundu ndi penshoni za Seputembala, ndipo mapepala ake ndidzakupatsani kuti muwaone. Wothandizira wa muofesi mwathu adzalowetsa malipiro amenewa kubanki Lachisanu pa 10 kuti inu mudzavomereze pofika Lolemba pa 13, tsiku limodzi nthawi yake isanathe. Iye yemweyo adzakonza malipiro a otigulitsa katundu a pa 10 ndi pa 17, potsatira mndandanda womwe ndidzasiye, ndipo invoisi iliyonse yomwe palibe pamndandandawo adzabwera nayo kwa inu. Kashiya wamkulu azifananiza ndalama za pakaunta ndi masilipi a kubanki madzulo aliwonse. Kufananiza mabuku athu ndi sitetimenti ya banki komanso kukonza VAT zidzadikira ine, ndipo ndidzazimaliza pofika pa 23. Wothandizirayo akadwala, mkulu woona za antchito wavomera kulowetsa malipiro a pa 10."

Ine ndikuona kuti ndime imeneyi ikuposa ziwiri zija, chifukwa ntchito iliyonse ili ndi munthu wake ndi tsiku lake. Komabe pali malo angapo pomwe mtima wanga sukukhazikika, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna nzeru zanu.

Chachikulu ndi nkhani ya kubanki ija. Fomu yowonjezera mnzangayo kuti azitha kulowetsa malipiro ndi dzina lake komanso foni yake ndinaidzaza, koma imafuna siginecha ya bwana yemweyo, ndipo sindingalonjeze kuti banki idzakhala itamaliza pofika pa 3. Kodi ndilembe m'ndimemo kuti dongosolo lonseli likudalira fomu imeneyi? Ndikalemba, ndikuopa kuti ndikhala ngati ndawapatsa ndekha chifukwa chokanira. Ndikapanda kulemba, ndikhala ndabisa chinthu chenicheni chomwe chinatigwetsa chaka chatha, ndipo iwo adzachifunsa ndithu. Mnzanga wina wandiuza kuti ndingosiya foni yanga ndi pasiwedi m'manja mwa wothandizirayo. Zimenezo ndakana. Chilichonse cholipiridwa pa dzina langa ndidzayankha ndine, ndipo oona mabuku akadzabwera adzapeza kuti munthu amene anali patchuthi ku Ntcheu ankalipira ndalama ku Limbe. Maganizo anga ndi oti ndiwonjezere chiganizo chimodzi chonena kuti fomu ili patebulo pawo, ndipo tidzayesa malipiro ang'onoang'ono amodzi ndi dzina la mnzangayo ine ndisanachoke. Koma kodi chiganizo chotero chikhale koyambirira kapena kumapeto, ndipo ndichilembe motani kuti chisamveke ngati ndikuwalamula bwana?

Chinanso ndi anthu omwe ndawatchula. Wothandizirayo anavomera pakamwa tikudya nkhomaliro. Ndi mtsikana wakhama, wagwira nafe chaka chimodzi, malipiro a otigulitsa katundu wakonzapo kangapo ine ndikuyang'ana, koma PAYE sanalipirepo yekha. Kodi ndinene chilungamo chimenechi m'ndimemo, n'kuwonjezera kuti tidzachitira limodzi kamodzi ndisanapite? Kapena kutero ndi kumuchotsera ulemu pamaso pa bwana? Ndikufunanso kudziwa ngati ndi bwino kuti iye ndi kashiya asayine m'munsi mwa ndimeyo, kapena kungowatumizira ndimeyo pa imelo n'kokwanira. Sindikufuna aone ngati ndikuwatchera msampha kuti zikavuta mlandu udzagwere iwo.

Chiganizo chonena za ntchito zomwe zidzadikire ine nacho ndachifufuta n'kuchibwezeretsa kangapo. Mwamuna wanga akuti ndichichotse, chifukwa bwana akangoona mawu oti "zidzadikira" aganiza kuti ntchito yaima. Ine ndikuona mosiyana. Munthu mmodzi sangasenze ntchito ya anthu awiri yonse, ndipo bwana akudziwa zimenezo. Ndikalemba kuti palibe chotsalira, ndibwereranso kuja ndinayambira, pa mawu oti "zonse" aja. Kunena poyera kuti izi zidikira, sizipweteka aliyense, ndipo zidzatha pa 23, ndikuona kuti ndi kumene kukupatsa mphamvu ziganizo zinazo. Kodi ndikulakwitsa?

Za foni mwaona kuti ulendo uno sindinatchule n'komwe. Masiku oyamba ndidzakhala kuchipatala, kenako kumudzi komwe ndizikawadonthezera mayi mankhwala m'diso, kuwaphikira ndi kuwatungira madzi. Sindingalonjeze kuyankha nthawi iliyonse. Ndingathe kulonjeza kukwera pachulu paja kamodzi patsiku, mwina 5 koloko madzulo, kuona mauthenga. Koma ndaona anzanga amene analemba zotere akuimbiridwa tsiku lonse, kufunsidwa ngakhale komwe kuli fayilo. Kodi pali kalembedwe kosonyeza kuti ndingapezeke pa nkhani ya pa 10 ndi pa 13 yokha, popanda kutsegula khomo la zina zonse? Kapena ndisatchule, ndidikire kuti bwana afunse okha?

Pomaliza, kodi ndikumbutse za chindapusa cha chaka chatha? Tonse awiri tikuchikumbukira ngakhale palibe akuchitchula. Mbali ina ya mtima wanga ikuti ndilembe mwachidule kuti vuto lija lakonzedwa motere, ina ikuti ndimeyo isonyeze yokha popanda kufukula zakale.

Fomu ya tchuthi ndiyenera kuibweza isanathe sabata ya mawa kuti kubanki kukhale nthawi yokwanira. Mukaiona ndimeyo, chonde ndiuzeni choti ndichotse, choti ndiwonjezere, ndi chiganizo chomwe bwana ayenera kukumana nacho poyamba. Mayi anauzidwa kale tsiku lawo ndipo ndinawalonjeza kuti ndidzawagwira dzanja polowa.

Ndine wanu,
Wowerengera ndalama, Limbe