Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a Mbiri: nkhondo ya sitima za pansi pa madzi

Aphunzitsi anzanga, ndabwerako bwino kumene munandituma. Za malipiro a mayendedwe ndizinena tikakumana Lachisanu. Pano ndikupatseni phunziro la tsiku lachiwiri, chifukwa landisinthitsa kaphunzitsidwe ka nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija.

Mayi amene ankatiphunzitsa anayamba ndi kutichotsa maganizo olakwika. Ambirife timauza ana kuti sabumarini inkayenda pansi pa madzi nthawi zonse. Ayi ndithu. Ya Ajeremani ya mtundu wa VII, imene inachuluka pa nkhondo yachiwiri, inkayenda pamwamba ndi injini za dizilo, liwiro lake pafupifupi makilomita 31 pa ola. Ikamira inkadalira mabatire, liwiro n'kutsika kufika pa makilomita 14, ndipo ikathamanga choncho mabatirewo sankachedwa kutha. Inali sitima yapamwamba yodziwa kubisala basi.

Cholinga cha Ajeremani chinali kupha Britain ndi njala, popeza ndi chilumba chodalira tirigu, mafuta ndi zitsulo zobwera pa nyanja. Pa nkhondo yoyamba, akuluakulu a asilikali apamadzi a Jeremani anawerengera kuti akamamiza matani 600,000 mwezi uliwonse, Britain igonja m'miyezi isanu. Pa 1 Febuluwale 1917 anayamba kumiza sitima popanda chenjezo, ngakhale za mayiko osalowerera nkhondo. Mu Epulo mokha anamiza matani opitirira 850,000, koma mwezi womwewo Amereka analowa nkhondo kumbali ya Britain.

Chimene chinapulumutsa Britain ndi kuyendetsa sitima pa mdipiti, moperekezedwa ndi sitima zankhondo, kuyambira mu Meyi 1917. Ine apa ndinatsutsa. Kusonkhanitsa sitima pamodzi si kum'patsa mdani nyama yambiri kodi? Mayiwo anangotenga zitsekerero za mabotolo 30 n'kuzimwaza pansi m'holo monse, nandiuza kuti ndiyende nditatsinzina. Sindinayende mapazi asanu, ndinaponda chimodzi. Kenako anaziunjika pakona imodzi, ndipo ndinazungulira mpaka anthu kuseka, osaponda kanthu. Nyanja ndi yaikulu moti mdipiti wa sitima 30 suoneka patali kwambiri kuposa sitima imodzi. Ukauphonya waphonya zonse, ukaupeza wapezanso oulondera. Zimenezi tikhoza kuchita ndi ana a Fomu 3, sizifuna ndalama.

Karl Dönitz, amene anayendetsapo sabumarini pa nkhondo yoyamba n'kugwidwa mu 1918, ndiye ankatsogolera masabumarini a Jeremani pa nkhondo yachiwiri, ndipo anapeza yankho lake: kusaka pagulu ngati mimbulu. Imodzi ikaona mdipiti isathamangire kuwombera, iutsatire chapatali, itumize uthenga pa wailesi, likulu liitane zinzake, zonse ziukire usiku zili pamwamba pa madzi.

Tinakhala nthawi yaitali pa mdipiti wotchedwa SC 7. Unanyamuka ku Sydney, m'chigawo cha Nova Scotia ku Canada, pa 5 Okutobala 1940, sitima 35, zambiri zakale ndi zoyenda pang'onopang'ono, zitanyamula matabwa, zitsulo ndi tirigu. Mbali yaikulu ya ulendo woperekeza anali mmodzi yekha, HMS Scarborough. Chifukwa cha nyengo yoipa zina zinatsalira m'mbuyo, ndipo zotsalirazo ndizo zinayamba kumizidwa. Sabumarini ya Ajeremani ya U-48 itauona mdipitiwo inadziwitsa likulu, ndipo usiku wa pa 18 Okutobala gulu lonse linaugwera. Operekeza anali atawonjezeka, koma chida chawo cha ASDIC chinkamva sabumarini yomira yokha. Yoyandama usiku, yongotulutsa kansanja kake, sichinkaimva, maso nawo osaiona. Otto Kretschmer wa U-99 analowa pakati penipeni pa mizere ya sitima n'kumawombera ali pafupi, operekeza akufunafuna kunja. Wina akaima kutola anthu m'madzi, mpata unkatseguka. Zonse pamodzi zinamira sitima 20, Ajeremani osataya sabumarini ngakhale imodzi.

Kufooka kwa njirayi kunali pa wailesi pomwepo. Kuti gulu lisonkhane pankafunika kulankhula kwambiri, choncho adani anaphunzira kudziwa kumene uthenga ukuchokera, nthawi zina n'kumawerenganso mauthenga achinsinsi a makina a Enigma. Rada inayamba kuona sabumarini mumdima. Ndege zouluka mtunda wautali za Liberator zinafika pakati pa Atlantic pamene kale panalibe ndege, ndipo sabumarini ikaona ndege inkamira, ikamira mdipiti n'kuisiya m'mbuyo. Mu Meyi 1943 Ajeremani anataya masabumarini opitirira 40, ndipo pa 24 Meyi Dönitz anawachotsa kumpoto kwa Atlantic.

Mnzathu wina anafunsa ngati nkhondoyi inafika kufupi ndi kwathu kuno. Inafika: mu Juni ndi Julayi 1942 masabumarini a Japan anamiza sitima pafupifupi 20 m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Mapu amene anatigawira ndawasiya m'kabati ya dipatimenti, aliyense ajambule ake asanawabweze.