Kalata yotseguka kwa Kazembe wa Malawi ku Harare: mtengo wa basi udziwike tisanakwere

Olemekezeka a Kazembe,

Ndikulemberani za mabasi ochoka muno mu Harare kupita ku Blantyre kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Sindikudandaula kuti ndi odula. Vuto ndi lakuti banja silidziwa ndalama zonse zomwe lilipire mpaka litafika pakhomo pa basi.

Tiyerekeze banja la ku Mabvuku: bambo, mayi, ndi ana a zaka 13, 8 ndi 2. Wogulitsa matikiti akuti wamkulu ndi madola 40, mwana theka, khanda ulere. Kunyumba akuwerengera kuti akulu awiri ndi wa zaka 13 ndi madola 120, wa zaka 8 ndi 20, zonse 140. Pakhomo kondakitala akuyang'ana wa zaka 8 uja n'kunena kuti watalika, alipire yonse. Mukakana, akuti chabwino, theka lomwelo, koma mpando alibe. Ndiye mwanayo akhale pati? Mayi anyamula kale khanda pamiyendo, ndipo ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 600, osawerengera maola odikira pachipata.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mkanganowu ndi wosafunika konse. Mwana aliyense wodutsa malire ali ndi pasipoti, ndipo tsiku lake lobadwa lalembedwamo. Zaka aziona m'menemo, osati pa msinkhu.

Za katundu ndiye zimanyanya. Sikelo simuiona. Wopakira amangotukula chikwama, kuchita tsinya, n'kutchula mtengo: ichi madola 10, katoni iyo 15. Amati tikiti iliyonse ili ndi chikwama chimodzi chaulere, koma mukafunsa ngati ya theka ilinso nacho, yankho limadalira amene mwamupeza tsikulo. Banja lija likalipira 20 yoonjezera ya mwana, zikwama ziwiri ndi katoni, 140 ija yafika 195. Ndalama ya katunduyo ilibe lisiti. Basi ikafa panjira, mukasamutsidwira mu ina, wopakira watsopano amayambiranso kulipiritsa, inu mulibe pepala lomuonetsa. Amene akupita kumaliro alibe mphamvu zokangana, amangopereka.

Ndikudziwa kuti simuyendetsa mabasi. Koma mawu anu amamveka ku unduna wa zamtengatenga wa kuno ndi wa kwathu, komwe eni mabasi amatenga ziphaso. Tipemphereniko kuti kampani iliyonse ipachike chikwangwani pogulitsira matikiti, chonena zaka zomwe mwana amalipira theka ndiponso ngati thekalo lili ndi mpando wake. Pomwepo alembenso makilogalamu aulere pa tikiti iliyonse ndi mtengo wa kilogalamu yoonjezera. Sikelo ikhale poonekera, ndipo ya katundu ilembedwe pa tikiti pomwepo. Makampani ena angasankhe kuti mwana wokhala pampando alipire yonse. Zimenezo tingazimve, bola atiuze tisanamange katundu.

Ine wanu,
Kholo la ana atatu, Mabvuku