Anyezi wa Bento

Ulongwe, Angonia

Iwe Zuze,

Kalata yako yafika, ndipo ndaona kuti ku Beira unapita kukaphunzira kudandaula. Ukuti kukutentha? Bwera kuno Juni uno udzagwire madzi a m'ndowa m'mawa. Lusiya wachira, mwana wamwamuna, onse ali bwino. Zambiri akuuza amayi ako, ine zandivuta ndi zina.

Anyamata a magazini ya achinyamata aja andipempha kankhani koseketsa, ka tsamba limodzi, kothera pomwe munthu samayembekezera. Ndalemba. Tamva, undiuze ngati sikandipalamulitsa.

Mnyamata wake ndamutcha Bento, wa kalasi 8. Lachiwiri kuli mayeso a masamu, ndipo apitawo anapeza 4 pa 20. Lolemba madzulo adzera pamsika kugula anyezi mmodzi. Mayi wogulitsa ang'ung'udza: "Lero anyezi akuyenda mmodzimmodzi, abambo a choko m'thalauza angochoka kumene ndi wawo." Mawu amenewo usawaiwale. Ndawabisa pakati pa zokangana za chenji kuti owerenga awadumphe.

Usiku Bento adula anyezi uja pakati, naupana m'khwapa, monga tinkanamizirana ife kuti thupi litentha. Kukacha wafunda mabulangete awiri, mano gwedegwede. "Amayi, mutu. M'thupi monse mukuphwanya." Iye ankawerengera kuti amusiya agone, iwo apite kukakumba kachewere. Koma mayi wakuno akamva mutu ndi kuzizidwa safunsanso kawiri, ndi malungo basi. Amukweza pa njinga yamoto, ulendo wa kuchipatala.

Za kuchipatalazo ndinakafunsa Fatima, kuopa kuti anamwino angandiseke. Akuti anyezi sapusitsa aliyense, amangonunkha ndi kuyabwitsa khungu. Namwino atenga themometa, Bento achotsa anyezi mwachangu kuponya m'thumba, chipangizo chiwerenga 36.6, pomwe iwo amati thupi latentha chikafika 37.5. Komabe poti wanena mutu ndi kuzizidwa, amubaya chala, kadontho ka magazi pa kapulasitiki koyezera kaja, n'kumuuza akadikire panja mphindi 15 kapena 20. Ukatuluka mzere umodzi ndiye kuti mulibe malungo. Ikatuluka iwiri ndi Kowatemu wa masiku atatu, m'mawa ndi madzulo.

Ndiye Bento ali pabenchi, chala chikuwawa, kupempherera mzere wachiwiri. Pambali pake pali bambo wina wadzikuta chitenje mpaka kumutu, akubuula kuposa iye. Bento akati "mayo", bamboyo ati "mayo ine". Pamenepa ndatalikitsa dala, chifukwa akupikisana mpaka agogo ena a chifuwa kuwasunthira. Kenako namwino atulukira ndi timapulasitiki tiwiri.

"Nonse awiri mzere umodzi. Ndipo inu aphunzitsi, chotsani anyezi wanuyo, mwanayu wake wachotsa kale."

Chitenje chitsika: aphunzitsi a masamu. Mafunso a mayeso anali asanakonze, ndipo tsikulo kumabwera oyendera sukulu ochokera kuboma. Chifukwa chimenechi ndachiika m'mzere umodzi wokha kumayambiriro, pomwe Bento akumva ana akusesa bwalo podikira alendo. Namwino akangoyankhula, nkhani yatha. Joni akuti ndiwonjezere kuti abwerera kusukulu pa njinga imodzi. Ndakana, munthu akaseka usamufotokozerenso chomwe waseka.

Tsono vuto ndi ili. A Mateyu, aphunzitsi athu a masamu aja, akawerenga, sanena kuti ndi iwo? Choko cha m'thalauza n'chawo, tonse tikudziwa. Chitenje chodzikuta n'chawonso, ukukumbukira pamaliro ku Domwe kuja. Panopa ndi akulu a mpingo, amakhala kutsogolo moyang'anizana ndi amayi. Ndaganiza zosintha akhale a Chipwitikizi, koma a Chipwitikizi ndi malume ake a Joni. A mbiri yakale anamwalira, ndiye kuseka malemu. Ndatsala ndi a masewera, koma ndani angapane anyezi kuthawa mpira? Dzulo ndinawaona a Mateyu pamsika akusankha tomato, ndinakhotera kwa ogulitsa makala ngati ndili nawo ngongole. Nkhaniyo sinasindikizidwe n'komwe!

Fatima sanaseke kwambiri. Akuti kholo lina likawerenga lidzayamba kununkhiza m'khwapa mwa mwana m'malo mothamanga naye, pomwe malungo akagwira mwana sachedwa kufika kumutu. Anatchula kamwana ka Paulo, kaja ankati kakuthawa sukulu. Ndinangoti chete. N'chifukwa chake amayi a Bento ndawasiya akhale osafunsa kawiri, ngakhale Joni akuti akuoneka opusitsika. Aoneke choncho.

Bolopeni uja unalonjeza sanafike, uyu akulemba modukiza. Ukayankha undiuze za a Mateyu, kapena ndingowaveka jekete m'malo mwa chitenje, koma jeketenso ali nalo lija la

Pepala latha.

Ndine,
Tomasi