Kwa make Chisomo, musanamukweze basi mwanayu

Mwana wanga,

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni timangodulana mawu, iwe uli pa ntchito ine ndili pa ntchito, ndiye nkhani ngati iyi siyokamba uku ukuyang'ana ngati abwana akubwera. Bambo ake Chisomo anandiuza okha kuti atopa naye, akuti mwana wafika pa mwano, akamulankhula Chichewa akuyankha Chingerezi, ku tchalitchi sakufuna, lipoti labweranso ndi zofiira, ndiye Disembala akangotsekera amukweze basi pa Park Station akakhale kwa azakhali ake ku Ntcheu akaphunzire khalidwe. Ine ndikukana. Uwawerengere kalatayi mkamwini wangayo, mwaulemu, koma usadumphe mzere.

Tayambani mwakumbukira mmene mwanayu anabwerera. Anachoka kumudzi ali ndi zaka 12, anali mtsikana olongolola, oyimba kwaya, anzake mbwee. Anafika kuno ku Joni nkulowa giredi 7 ku Rosettenville, mkalasi momwe ana akulankhulana Chizulu ndi Chisuthu pa buleki, aphunzitsi Chingerezi chothamanga, kenako piriyodi ya Chiafrikansi chomwe anzakewo anachiyamba ali ang'onoang'ono iye sanachimvepo chibadwire. Sabata yoyamba yomwe anamuseka katchulidwe, zija ife timasakaniza l ndi r, ndipo dzina lija lonyozera alendo lakuti kwerekwere analimva asanadziwe nkomwe njira ya ku toileti. Mwana wa msinkhu umenewo chomwe amaopa kwambiri ndi kuoneka osiyana ndi anzake, kuposa njala, kuposa chikwapu. Ndiye anachita chomwe mwana aliyense wanzeru angachite, anakonza lilime lake msangamsanga kuti asamadziwike.

Ndipo inu makolo munamuthandiza kubisako. Sindikukudzudzulani, tonse tikudziwa chifukwa chake. Ine 2008 ndinali kuno, ziwawa zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra mu Meyi anthu oposa 60 anafa, 2015 tinaona mabasi akutenga abale athu ku Durban kubwerera kumudzi, pano kulinso a Dudula. Mukamakwera takisi pa Bree mumamuuza kuti khala chete, foni ikalira usayankhe Chichewa. Nzoona, chitetezo ndi chofunika. Koma taganiza zomwe mwana amamva mumtima. Kunja chilankhulo chake ndi choopsa, nanga mnyumba? Iwe umafika 7 koloko usiku utatopa, bambo ake mashifiti a usiku, Chichewa chomwe amamva tsiku lonse ndi tsuka mbale, zimitsa foniyo, wachedwa kuti, ndikumenya. Nthabwala zonse, nyimbo, zinsinsi za atsikana, zonse zokoma amazipeza mu Chingerezi ndi Chizulu. Ndiye mukudabwa chani akamathawira komweko?

Tsopano zoti waiwala Chichewa, ayi sanaiwale. Ndinamuyesa ine atabwera kudzagona kuno ku Cosmo City pa Isitala. Ndinkakamba ndi anzanga a Mvano nkhani ya maliro a kwathu, mothamanga, ndi miyambi yomwe, iye ali pa mpando maso pa foni, koma pomwe panali poseketsa anamwetulira nthawi yake yeniyeni. Amamva zonse. Mwana amene wachoka kwawo ali ndi zaka 12 chilankhulo chimakhala chitakhazikika kale, chomwe chimavuta ndi kutulutsa mawu, amawasaka akuchedwa kubwera, ndiye la Chingerezi limatsogola. Kenako timayamba kumva tolakwika ting'onoting'ono, nsapato yanga zili kuti, madzi ili pa tebulo, ndi choopsa kwambiri kwa ife, kuiwala ni wa ulemu. Paja anauza amalume ake kuti bwera udye, nyumba yonse inaphulika kuseka, wina nkuti eee mzungu wathu, wina nkuti ana a ku Joni alibe mwambo. Ine ndinamuyang'ana nkhope. Anangotsitsa mutu, nsima anaisiya, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndi pomwe anasiyiratu kuyesa. Ku sukulu amamuseka kuti ndi Mmalawi, kunyumba mukumuseka kuti si Mmalawi weniweni, mwana wa zaka 15 apite kuti?

Amene ine ndikumudera nkhawa pa chilankhulo ndi Yamikani, mlongo wake wamng'ono uja. Iyeyo anabwera ali ndi zaka 5, sanawerengepo Chichewa mkalasi, ndipo wa msinkhu umenewo chimatha kuchoka chonse ndithu. Uyese mawa, umutume kuti kanditengere chipande kuseli kwa chitseko osaloza ndi chala osayang'anako, uone ngati apite kolondola. Ana amatipusitsa, amatsata maso ndi manja athu ife nkumati akumva. Ndipo awiriwa akamacheza okha kuchipinda ndi Chingerezi chokhachokha, ndiye mukamuchotsa Chisomo mwachotsanso munthu yekhayo amene akanamukokera mlongo wakeyo.

Za lipoti lija. Ndinaliona, masamu ali bwino, Chingerezi 60 ndi kanthu, chomwe chikumugwetsa ndi Chiafrikansi, ndipo mu giredi 9 chilankhulo chachiwiri chimafuna 40 pa 100 kuti adutse. Apa ndi pomwe ndikufuna uchitepo kanthu sabata ino. Malamulo a maphunziro kuno ali ndi mwayi wa mwana obwera kuchokera kunja amene anayamba sukulu ya ku South Africa mu giredi 7 kapena kupitirira apo. Mwana otero, kuyambira giredi 10 mpaka matiriki, amaloledwa kutenga chilankhulo chimodzi chokha cha boma mmalo mwa ziwiri, ndiye pamalo pa chinacho amaika phunziro lina kuti akwanebe 7. Chisomo analowa giredi 7, akukwanira. Koma sizichitika zokha, kholo limapempha kudzera ku sukulu, sukulu nkutumiza ku ofesi ya maphunziro. Upite ukaonane ndi ahedi kapena mphunzitsi oyang'anira giredi yawo, unyamule pasipoti yake yoonetsa chidindo cha tsiku lomwe analowa, mapepala ake okhalira kuno, lipoti lomaliza la ku pulayimale ya kumudzi, ndi lipoti lake loyamba la giredi 7. Uchite pano pomwe akusankha maphunziro a giredi 10, osadikira afike giredi 12 mayina atapita kale. Akakuuza kuti abwere mawa, upitenso mawalo, ndipo chilichonse chomwe wapereka usunge fotokope. Yamikani mwayi umenewu alibe poti wayambira konkuno, iyeyo Chiafrikansicho alimbane nacho basi.

Ndikudziwa bambo ake anena kuti kumudzi kulibe zonsezi. Awerengere bwino. Sukulu kuno imatseka Disembala, kwathu chaka chimayamba Seputembala, ndiye akafika Januwale apeza anzake atatha kale temu yoyamba. Alibe satifiketi ya sitandade 8, alibe JCE, sukulu ya boma samangolowa, ndiye ndi pulaiveti, ndipo mwina amubweza kalasi. Chichewa cha mkalasi, malamulo a chiyankhulo ndi chimangirizo, sanachigwire zaka zitatu. Ndipo anzake kumeneko amutcha wa ku Joni, mtchona, odzimva, aziseka katchulidwe kake ngati mmene anamusekera kuno. Choposa zonse, mukamutumiza ngati chilango, Malawi mmutu mwake akhala ndende yomwe anamutayako makolo ake. Ndawaona ana otere, amangowerenga masiku, akakwana zaka 18 amabwerera okha kudzera njira za madalaivala a mathiraki, opanda pepala, ndipo makolo sawalankhulanso.

Kumudzi apite inde, koma ndi iwe, kukacheza, tikiti yobwerera ili mmanja ndipo iye akudziwa. Masabata atatu a Disembala akwana. Musanafike uwaimbire azakhali ake ndi asuweni ake uwauze mosapsatira kuti mwanayu akalakwitsa mawu pasapezeke oseka. Akwanitsa zaka 16 chaka chamawa, msinkhu otenga chitupa cha unzika kwathu, ulendo wotsatira mudzamutengere akajambulitse. Kuno anzake pa zaka 16 akutenga ma ID awo iye alibe, ndipo zimamupweteka ngakhale sanena, ndiye akhale ndi khadi lake lomwe lili ndi nkhope yake ndi dzina la mudzi wake.

Pakali pano mnyumbamo sinthani pang'ono. Lamulo lakuti muno Chingerezi ayi lisiyeni, limangobala chete, mwana amasankha kusalankhula nkomwe. Iwe uzilankhula Chichewa nthawi zonse, iye ayankhe mmene angathere, akasakaniza musiye amalize nkhani yake. Akati madzi ili pa tebulo iwe ungoti eya, madzi ali pa tebulo, bweretsa, nkupitiriza, osaimitsa nkhani kuti ukhale mphunzitsi. Za ulemu umuuze muli awiri kuchipinda osati pagulu, kuti akulu timati bwerani, khalani, ndipo adzagwira chifukwa amazidziwa kale. Komanso muzimuuza nkhani zokoma mu Chichewa, mmene bambo ake anakufunsirira, za agogo ako aamuna omwe anabwera ku migodi pa Wenela nkubwerera ndi wailesi ndi jekete, miseche ya ku ntchito kwako yomwe. Mwana amve kuti chilankhulochi anthu amasekeramonso.

Umupatsenso ntchito yomwe imafuna Chichewa. Azakhali ake aku Ntcheu maso anafooka sawerenga mameseji, ndiye Lamlungu lililonse Chisomo ndi amene aziwajambulira mawu pa watsapu kuwauza za kuno, ndalama mukatumiza iye ndi amene aziwadziwitsa. Kujambula mawu nkwabwino chifukwa akalakwitsa amafufuta nkuyambiranso palibe omuona. Madzulo aziwerengera Yamikani ndime ziwiri zitatu za mu Buku Lopatulika kapena nyimbo ya mu buku la nyimbo, ukamuuza kuti ndiwe mphunzitsi wa mlongo wako uona mmene adzikonzere. Zakuti aime kutsogolo ku tchalitchi awerenge mawu, ayi musafulumire, zimenezo zidzabwera akadzafuna yekha.

Chizulu chakecho musamuletse, ndipo musamati wasanduka Mzulu. Ndi chomwe chimamuteteza mu takisi, ndi chomwe adzapezere ntchito, ndipo iwe wemwe ukapita ku kiliniki umamutenga kuti akuyankhulire. Anzake aja awiri, wa ku Soweto ndi wa ku Zimbabwe uja, aitane abwere kunyumba Loweruka, uwaphikire nsima ya chambo kapena usipa ndi chigwada, Chisomo aone anzake akunyambita zala pa chakudya cha kwawo. Mwana amene amabisa kwawo kwa anzake amatopa kwambiri.

Koma pali zina zomwe ukaziona usati ndi mwano kapena chilankhulo. Akayamba kusadya, kugona usana onse, kujomba ku sukulu, kuvala zamikono itali kukutentha, kapena kunena zoti bola kulibe ine, tsiku lomwelo upite naye ku kiliniki kapena ukaonane ndi sosho weka wa ku sukulu, ndipo undiimbire ngakhale pakati pa usiku. Umupatsenso nambala ya Childline, 116, ndi yaulere, aisunge mu foni mwake.

Loweruka lomaliza la mwezi uno ndili ofu. Umutumize adzagone kuno, akwere takisi ya ku Randburg ine ndikamudikira pa renki, Yamikani abwere naye. Bambo ake ngati akufuna tikambirane maso ndi maso abwere Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, abweretse ndi lipoti lija.

Ndine mayi ako,
Nachisale