Ulemu wa m'kalata suli mu “please kindly”

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa kalembedwe ka makalata a Chingerezi kamene kafala m'maofesi mwathu muno. Ndinagwira ntchito ya ulembi zaka zambiri, kuyambira nthawi ya taipi yogogoda ija mpaka makompyuta atabwera. Tsopano ndinapuma, koma ana a kuno ku Chibavi sandipatsa mpata. Amabwera ndi mafoni awo kuti ndiwaonereko makalata ofunsira ntchito asanatumize, ndipo pafupifupi kalata iliyonse ndimapezamo mawu awiri awa ali phathiphathi: “please kindly”. Kumapeto kwake sikulephera kukhala “revert back”.

Mwana wa achimwene anga anakayesedwa mafunso a ntchito yosunga katundu pa kampani ina ku Luwinga. Patadutsa sabata imodzi osamva kanthu, anaganiza zowakumbutsa, ndipo analemba imelo iyi:

“Dear Sir, I am hereby writing this email to humbly request you to please kindly revert back to me at your earliest convenience regarding the above mentioned subject matter. Thanking you in advance.”

Anandionetsa monyadira, akuti waikamo ulemu wonse umene anali nawo. Ine ndinamufunsa funso limodzi: bwana amene alandire kalatayi adziwa bwanji kuti ndiwe yani ndipo ukufuna chiyani? Tikachotsa malonje, kalatayi ili ndi mawu 31, koma mulibe dzina la ntchito imene anafunsira, mulibe tsiku limene anayesedwa, mulibenso tsiku limene akufuna yankho. Munthu amene anayesa anthu ambirimbiri sabata imeneyo sangasiye ntchito zake n'kuyamba kufufuza kuti mwini imeloyi ndi uti. Amangoti ndiiona mawa, ndipo mawalo silifika.

Sindikuwanyoza anawa, chifukwa ndikudziwa kumene chizolowezichi chimachokera. M'Chichewa, kubwereza mawu kuli ndi ntchito yake. “Chonde” ndi pempho, koma “chonde chonde” ndi pempho la munthu amene zamuthina. Tili ndi kachidutswa kaja ka “ko” kamene kamafewetsa lamulo, kotero kuti “ndipatseni” asanduka “ndipatseniko”. Munthu mmodzi timamutchula ngati ambiri pomulemekeza, timati “ndapota nanu”, ndipo anzathu kuno akati “yewo” amaonjezera “chomene” kuti zimveke kuti zachokera pansi pa mtima. Ndiye mwana woleredwa bwino akayamba kulemba Chingerezi amaona kuti “please” yekha wachepa, akumveka ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni osaodira. Amasakasaka china choti aphatikize, n'kupeza “kindly”.

Vuto n'lakuti mawu awiriwa akugwira ntchito imodzi, ndipo m'Chingerezi kuwasanjikiza sikuchulukitsa ulemu ayi. Choipirapo n'chakuti “kindly” ali ndi nkhope ziwiri. Kwa ife kuno, komanso kwa anthu a ku India ndi maiko ena a mu Africa, amamveka ofatsa. Koma kwa Mngelezi wa ku Mangalande kawirikawiri ndi mawu a munthu amene wayamba kutopa nawe. Akanena kuti “Kindly leave the room” sakukupempha, akukutulutsa, kungoti wavala jekete. Choncho ukalembera munthu wotere kuti “Kindly send the report”, iwe ukuganiza kuti wagwada, iye akumva ngati wamulozera chala.

Ulemu wa Chingerezi umabisala kwina. Umakhala posandutsa lamulo kukhala funso, pouza munthu chifukwa chimene ukupemphera, ndiponso pothokoza kamodzi momveka. “Send me the form” ndi lamulo. “Please send me the form” ndi pempho labwinobwino lokwanira pakati pa anthu ogwira ntchito limodzi. “Could you please send me the form?” ndiye “munganditumizireko” wathu uja, woyenera kwa bwana kapena mlendo. Ukafuna kutsika kwambiri, monga polembera munthu amene sali wokakamizika kukuthandiza, pali “I would be grateful if you could send me the form”. Masitepe ndi amenewa, ndipo palibe pamene pakufunika “kindly”.

Nkhani ya “revert back” ndiye ili ndi zilema ziwiri. Choyamba n'chapafupi. Mawu akuti “revert” anachokera ku Chilatini, ndipo kachidutswa koyambirira ka “re” kakutanthauza kale kubwerera. Kuikapo “back” kuli ngati kunena kuti “bwererani chobwerera”. N'chimodzimodzi ndi “return back”, “repeat again” ndi “reply back”, amene timawamva tsiku ndi tsiku. Mpaka “PIN number” ndi “ATM machine” ali m'gulu lomweli, poti N uja ndi nambala kale, M uja ndi makina kale, ngakhale awiriwa ine ndinawagonjera, sapweteka munthu.

Chilema chachiwiri ndicho chachikulu. Tanthauzo lenileni la “revert” ndi kubwerera mmene chinthu chinalili poyamba. Munda ukausiya osalima umabwerera kukhala tchire, malo a lendi nthawi ikatha amabwerera kwa mwini wake, ndipo apo m'pamene mawuwa amagwira ntchito. Tanthauzo lakuti “yankhani” linakulira m'Chingerezi cha m'maofesi a ku India ndi maiko ena, ndipo madikishonale ena analilemba kale koma amaonetsa kuti ndi la kumeneko. Sindinganene kuti ndi tchimo. Ukalembera mnzako wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka kuti “I will revert”, amva bwinobwino. Koma si aliyense amamva choncho.

Ndinazionera ndekha ndikuthandiza kagulu kena ka amayi a kumpingo komwe kamalandira thandizo kuchokera kwa abwenzi a kunja. Tinakonza bajeti, iwo anatipempha kuti tisinthe zina, ife tinasintha n'kutumizanso. Mlembi mnzanga pansi pake analemba kuti “Please go through and revert.” Mayi wa kunjayo anayankha modabwa kuti “Revert to which version?” Iye anamva kuti tikumuuza kuti ataye bajeti yatsopanoyo abwerere ku yakale, poti pa kompyuta mawuwa amatanthauza zimenezo: kufufuta zosintha n'kubwezeretsa chikalata mmene chinalili. Panapita makalata atatu kuti timvane, ndipo masiku amene anatayika pamenepo amayi anali akudikira ndalama za mbewu mvula itayamba kale. Akanangolemba kuti “Please read it and let me know if you approve”, nkhani ikanatha tsiku lomwelo. M'malo mwa “revert” pali “reply”, pali “let me know”, palinso “get back to me”, ndipo onsewa amamveka kulikonse.

Tibwerere kwa mwana wa achimwene uja. Tinakhala pakhonde ndi tiyi, kunja kukuwaza kamvula kathu ka mu Juni kaja, n'kuyamba kuyesa mawu amodziamodzi. Muyeso wake ndi wosavuta: phimba mawuwo ndi chala, uwerenge chiganizo, uone ngati pali chimene chasowa. “I am hereby writing this email to” tinachotsa yense, chifukwa munthu amene akuwerenga imelo akuona kale kuti walemba imelo. “Humbly request” anapita, poti kudzichepetsa kumaoneka m'kapemphedwe, sikuchita kulengezedwa. “The above mentioned subject matter” anali kuloza mutu wa imelo, koma pamutupo mwanayo anangolembapo “Follow up”, ndiye ankaloza m'nyumba yopanda kanthu.

Pa “at your earliest convenience” tinakanganapo pang'ono. Iye ankati mawuwa akusonyeza changu. Ndinamuuza kuti akutanthauza “mukapeza mpata”, ndipo munthu wa muofesi mpata saupeza. Ngati pali tsiku limene ukufuna yankho, litchule, ndipo unene chifukwa chake kuti lisaoneke ngati lamulo. Iye chifukwa anali nacho chenicheni: sitolo ina ya m'tauni inali itamuitana ndipo inkadikira yankho lake. “Thanking you in advance” naye tinamusiya. Ena amamukonda, koma ena amamva ngati wawatsekera khomo lokanira, monga munthu wothokoza ndiwo asanampatse. Kalata inatuluka chonchi:

“Dear Sir, I attended an interview for the post of stores clerk on 12 June. Could you please let me know the result by 27 June? Another employer is waiting for my answer. Thank you.”

Pamutu tinalembapo dzina la ntchitoyo ndi tsiku la mafunso, pansi dzina lake lonse ndi nambala ya foni. Mukawerenga mupeza kuti kalata yachiwiriyi ili ndi mawu 33, kuposa yoyamba ija. Ndikutchula zimenezi dala, chifukwa ena akamva nkhani yotere amaganiza kuti tikulimbikitsa makalata a mawu atatu onga “Send results urgently”, omwe ndi mwano weniweni. Malo amene anatsala titachotsa madeya aja tinathiramo zimene bwanayo amafunika kudziwa kuti ayankhe.

Pali amene anganditsutse kuti Chingerezi cha ku Malawi n'chathu, tisamayese chilichonse ndi khutu la Mngelezi. Ndikuvomereza mbali ina. Nane sindingakonze munthu amene akulankhula, ndipo “kindly” mmodzi m'kalata yopita kwa Mmalawi mnzako salakwa. Komatu eni akewo nkhondo imeneyi akuimenyanso kwawo. Ku Britain kuli bungwe la Plain English Campaign lomwe linayamba mu 1979 polimbana ndi makalata a boma ndi makampani osamveka, ndipo ku America anakhazikitsa lamulo mu 2010 lokakamiza nthambi za boma kulembera anthu m'mawu osavuta. Zambiri zimene timaziyesa Chingerezi chapamwamba, monga “attached herewith please find” m'malo mwa “I have attached”, ndi zovala zakale za m'maofesi a atsamunda zimene eni ake anavula, ife tikuzichapabe n'kumazisita.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a Chingerezi m'sukulu za sekondale ndi kwa anyamata otaipira anthu makalata m'timashopu ta pafupi ndi depoti. Ambiri mwa anyamatawa ali ndi kalata imodzi yosungira pa kompyuta imene amangosintha dzina, ndipo “please kindly” wa m'kalata imeneyo wayenda Mzuzu yense. Atakonza imodzi yokhayo, makalata ambiri a mumzinda muno angasinthe. Mwana wa achimwene uja anamuyankha patapita masiku awiri. Ntchito sanamutenge, koma anadziwa nthawi ikadalipo, ndipo Lolemba lotsatira anakayamba kusitolo kuja.

Mlembi wopuma pa ntchito,
Chibavi, Mzuzu